Magetsi Akabwera, Kodi Kompyuta Imapitiriza Pomwe Inalekezera?

Lolemba m'mawa, wowerengera ndalama ku likulu atsegula foda ya nthambi ina kuti aone malisiti a sabata yatha. Apeza kuti fayilo yomaliza inafika Lachiwiri. Aimba foni ku nthambiko, ndipo mlembi ayankha modabwa kuti kompyuta yakhala ikuyaka tsiku lililonse, palibe chimene chafa, ntchito yonse yalowetsedwa. Onse awiri akunena zoona. Ntchito inalowadi m'kompyuta, koma sinachoke m'menemo.

Tiyerekeze kuti nthambiyo ndi ofesi yaing'ono ya kopaletivi ya alimi pa boma lina. Ili ndi kompyuta imodzi yakale ya Linux pakona, rauta ya netiweki ya foni pawindo, ndi foda imodzi yosungiramo malisiti, mabuku a ndalama ndi zithunzi za makalata. Amene anaikonza anaiuza kuti tsiku lililonse 5:30 madzulo izitumiza zonse zatsopano ku seva ya ku likulu, kuti mafayilo a uku ndi uko azikhala ofanana. Ntchito imeneyi pa sikirini imalembedwa kuti `sync`. Kumene magetsi sazima, dongosolo lotere limatha zaka osalikhudza. Ku Malawi limakumana ndi mayeso amene olemba mapulogalamu ambiri sanawaganizire. Ambiri akukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022: mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo kwa miyezi yambiri maofesi ankagwira ntchito moyang'ana ndandanda ya kuzima kwa magetsi. Ngakhale nthawi imene zinthu zili bwino, mphepo, mvula kapena thiransifoma yopsa zimathimitsa dera lonse mosachenjeza.

Chimene chinachitika sabata imeneyo sichinali vuto limodzi. Anali mavuto angapo otsatizana, ndipo lililonse linkabisa linzake.

Loyamba linabwera Lachitatu. Magetsi anapita 4 koloko masana, nabwera usiku anthu ataweruka. Pa Linux, ntchito zochitika pa nthawi yoikika kawirikawiri zimapatsidwa kwa pulogalamu yotchedwa `cron`, ndipo mu ofesi yathuyi lamulo lake linali mzere umodzi:

```
30 17 * * * /usr/local/bin/tumiza.sh
```

Pulogalamu imeneyi imadzuka mphindi iliyonse, n'kuyang'ana wotchi, n'kudzifunsa ngati pali ntchito ya mphindi imeneyo. Ikapeza kuti ndi 17:30, imayamba kutumiza. Koma ilibe buku lolembamo zimene yaphonya. Ngati kompyuta inali yozima pa 17:30, mphindi imeneyo yapita basi, ndipo ikadzayaka mawa lake `cron` imangodikira 17:30 ina. Siidandaula, siilemba uthenga uliwonse, chifukwa kwa iyo palibe chimene chalakwika. Ili ngati basi imene imanyamuka pa nthawi yake: wochedwa adikire ya mawa, ndipo mawa akachedwanso adikire ya mkuja.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kompyuta ya kumalo kozimazima magetsi isamangofunsa kuti "kodi nthawi yakwana?" Funso loyenera ndi lakuti "kodi ndinamaliza liti kutumiza bwinobwino, ndipo chatsala n'chiyani?"

Njira yakale yoyankhira mbali ya funsoli ndi pulogalamu ya `anacron`, imene imalemba tsiku limene ntchito inachitika komaliza, ndipo kompyuta ikayaka imawerenga masiku amene apitapo. Imathandiza, koma imawerenga masiku athunthu okha, osati maola. Makompyuta ambiri a Linux a masiku ano, monga a Ubuntu ndi Debian, ali ndi chida china chotchedwa `systemd`, chimene chili ndi mataima akeake. Mawu ofunika m'taima yotere ndi `Persistent=true`. Akalembedwa, `systemd` imasunga pa disiki, mu foda ya `/var/lib/systemd/timers`, chizindikiro cha nthawi imene taimayo inalira komaliza. Kompyuta ikayaka n'kupeza kuti 17:30 inadutsa ili yozima, imayamba ntchitoyo nthawi yomweyo. Ikakhala kuti yaphonya masiku atatu, siitumiza katatu. Imatumiza kamodzi, ndipo kamodzi kameneko kamakwanira, chifukwa chimene chikutumizidwa ndi zonse zimene zasintha kuyambira ulendo womaliza.

Anthu ambiri akafika pamenepa amaganiza kuti amaliza. Koma pali msampha umene umagwira ngakhale odziwa ntchito. Chizindikiro chija chimalembedwa pamene taima yalira, osati pamene mafayilo afika. Taima imadziwa kuti inayambitsa ntchito. Zakuti ntchitoyo inathera panjira, sizimaikhudza.

Taganizani zimene zimachitika magetsi akangobwera. Kompyuta ndi rauta zimayaka limodzi. Kompyuta imatha kukonzeka pasanathe mphindi imodzi, pamene rauta ikadali kuphethiraphethira kufunafuna netiweki, makamaka ngati nsanja ya kampani ya foni nayonso inakhudzidwa ndi kuzimako. Taima iona kuti yaphonya, iyamba kutumiza, ipeza kuti njira kulibe, ntchito ifa m'masekondi ochepa. Chizindikiro chalembedwa kale kuti lero zatheka. N'chimodzimodzi magetsi akazima 17:40, ntchito ili pakati: kompyuta ikadzayaka, taima idzaona kuti 17:30 sinaphonyedwe, ndipo idzakhala phee mpaka madzulo ena.

Mankhwala ake ndi kuleka kudalira ulendo umodzi patsiku. Taima ilire ola lililonse, ilirenso mphindi zisanu kompyuta ikangoyaka, kuti rauta ipeze mpata wokonzeka. Fayilo ya `tumiza.timer` imaoneka chonchi:

```
[Timer]
OnBootSec=5min
OnCalendar=hourly
Persistent=true

[Install]
WantedBy=timers.target
```

Ndipo ntchito yeniyeniyo, mu fayilo ya `tumiza.service`, iuzidwe kudikira netiweki ndi kuyesanso ikalephera:

```
[Unit]
Wants=network-online.target
After=network-online.target
RequiresMountsFor=/srv/ofesi

[Service]
Type=oneshot
ExecStart=/usr/local/bin/tumiza.sh
Restart=on-failure
RestartSec=5min
```

Mizere ya `network-online.target` imathandiza koma si yokwanira payokha. Imangotsimikiza kuti kompyuta yalumikizana ndi rauta n'kupatsidwa adiresi. Siitsimikiza kuti rautayo yafika kunja. Ndiye chifukwa chake mizere iwiri yomalizayo ili yofunika: ntchito ikalephera, idikire mphindi zisanu, iyesenso, mpaka itheke. Wina angadandaule kuti kutumiza ola lililonse kutha bandulo. Sikutero kwenikweni. Pulogalamu yotumizira, `rsync`, imayamba yayerekeza kukula kwa fayilo iliyonse ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza, uku ndi uko. Zikafanana imadumpha. Pa ola limene palibe chasintha, chimene chimadutsa pa netiweki ndi mndandanda wa maina chabe.

Vuto lachiwiri ndi limene linapha sabata yonse, ndipo ndi lomvetsa chisoni chifukwa linachokera ku nzeru yabwino. Amene analemba `tumiza.sh` ankaopa kuti ulendo wina ungayambe woyamba usanathe, awiriwo n'kumalimbirana mafayilo. Choncho anakonza kuti ntchito ikamayamba izipanga kafayilo kotchedwa `/var/tmp/tumiza.lock`, ikamaliza izikafufuta, ndipo ikapeza kafayiloko kalipo izibwerera osachita kanthu. Zili ngati munthu wolowa m'bafa amene amapachika chitenje pakhomo kuti ena adziwe kuti muli munthu.

Lachinayi magetsi analipo 17:30. Ntchito inayamba, chitenje chinapachikidwa, ndipo patapita mphindi khumi magetsi anazima. Wochotsa chitenje panalibenso. Lachisanu kompyuta inali yoyaka, netiweki inali bwino, `cron` inalira pa nthawi yake, koma ntchito inapeza kafayilo kaja n'kubwerera mwaulemu. Ikanapitiriza kubwerera choncho mwezi wonse, chaka chonse, mpaka munthu atakafufuta ndi manja. Chizindikiro cha matenda amenewa n'chosavuta kuchidziwa: ntchito imayamba ndi kutha m'sekondi imodzimodziyo, ndipo tsiku la kafayilo ka loko limafanana ndi tsiku limene kutumiza kunaima.

Loko wabwino ndi amene amafa limodzi ndi mwini wake. Lamulo la `flock` limachita zimenezo. Limagwiritsanso ntchito fayilo, koma chimene chimatseka pakhomo si kupezeka kwa fayiloyo. Ndi mtima wa Linux weniweniwo umene umakumbukira kuti pulogalamu yakuti yagwira loko, ndipo pulogalamuyo ikafa, kaya yaphedwa kaya magetsi azima, loko amamasuka yekha. Amene akufuna kukhalabe ndi `cron` alembe chonchi:

```
flock -n /run/tumiza.lock /usr/local/bin/tumiza.sh
```

Amene wasamukira ku `systemd` sakufunikira n'komwe loko, chifukwa iyo siiyambitsa ntchito imodzimodziyo kawiri pamene yoyamba ikadali kuyenda. Chofunika ndi kungochotsa mizere yakale ya loko ija mu `tumiza.sh`, chifukwa ikasiyidwa idzapitiriza kutseka pakhomo ngakhale taima ili yatsopano.

Tsopano ntchito ikuyamba pa nthawi yoyenera ndipo palibe choitchinga. Chatsala n'chakuti isamayambire pachiyambi nthawi zonse. Mu foda ya ofesi yathu muli fayilo imodzi yaikulu, ya mamegabayiti 600, yokhala ndi zithunzi za mafomu a mamembala. Pa netiweki yotumiza megabiti imodzi pa sekondi, fayilo imeneyi imafuna masekondi 4,800, omwe ndi mphindi 80. Mwachibadwa chake, `rsync` ikadukizidwa imataya chidutswa chimene inali itatumiza. Ngati magetsi kapena netiweki zikuduka pasanathe ola, fayiloyo siidzafika ngakhale ayese kakhumi, ndipo ulendo uliwonse ukudya bandulo pachabe. Choipa china n'chakuti mafayilo ang'onoang'ono amene ali kumbuyo kwake pa mzere nawonso amachedwa.

```
rsync -a --partial-dir=.rsync-partial --timeout=120 \
  --backup --backup-dir=/srv/zakale/$(date +%F-%H%M) \
  /srv/ofesi/ likulu:/srv/nthambi/ \
  && date > /srv/ofesi/ZINATHEKA-LITI.txt
```

Mawu akuti `--partial-dir` amauza mbali yolandira kuti chidutswa chisatayidwe, chisungidwe m'kafoda kobisika. Ulendo wotsatira `rsync` imachipeza, imachiyerekeza ndi fayilo yonse, n'kutumiza chotsala chokha. Ngati mamegabayiti 450 anali atafika, patsala 150, mphindi 20 zokha. Pali mawu ena ofupikirapo, `--partial`, amene amasunganso chidutswa, koma amachisiya pansi pa dzina lenileni la fayiloyo. Zimenezo n'zoopsa mu ofesi, chifukwa munthu wa ku likulu angaone dzina, n'kuganiza kuti fayilo yafika yonse. Kafoda kobisika kamateteza ku chisokonezo chimenechi. Ndipo `--timeout=120` amati pakapita masekondi 120 popanda chodutsa, ntchito ileke. Popanda malire amenewa, kulumikizana kumene kwafa mwakachetechete kungasiye `rsync` ili chilili kwa nthawi yaitali, osatumiza, osalephera, moti ulendo wina sungayambe.

Mzere wa `--backup` ukuyankha ngozi imene ambiri saiganizira mpaka itawagwera. Magetsi akazima mlembi ali pakati posunga buku la ndalama, fayiloyo imatha kutsala yoonongeka, nthawi zina yopanda kanthu m'kati, kukula kwake ziro. Kwa `rsync`, imeneyi ndi fayilo imene yasintha basi. Idzaitumiza mokhulupirika n'kukaphimba fayilo yabwino ya ku likulu. Kufananitsa mafayilo si bakapu: kumakopera zabwino ndi zoipa zomwe. Ndi mzere umenewu, fayilo yakale isanalowedwe m'malo imasamutsidwira ku foda ya `/srv/zakale`, pansi pa tsiku ndi ola lake, ndipo ikafunika imapezeka. Foda imeneyi imakula, choncho wa ku likulu aziisesa mwezi ndi mwezi.

Ngozi yofanana nayo, koma yaikulu, imadza ndi mawu akuti `--delete`, amene amafufuta ku likulu chilichonse chimene kulibe ku nthambi. Maofesi ambiri amasunga mafayilo pa disiki yachiwiri kapena ya USB. Magetsi akazima mwadzidzidzi, disiki yotere nthawi zina siilumikizika kompyuta ikamayaka, ndipo foda ya `/srv/ofesi` imaoneka yopanda kanthu. Pamenepo `rsync` yokhala ndi `--delete` imamva kuti ofesi yafufuta zonse, ndipo imakachita chimodzimodzi ku likulu. Mzere wa `RequiresMountsFor` uja ndi mlonda wa zimenezi: disiki ikakhala yolembedwa mu `/etc/fstab` koma yalephera kulumikizika, ntchito siyamba. Kwa ofesi yaing'ono, nzeru yabwino ndi kusalemba `--delete` n'komwe. Fayilo yakale yotsalira ku likulu siivulaza munthu. Amene akuwafunadi mawuwa aonjezere `--max-delete=20`, kuti kufufuta kuime pa mafayilo 20.

Mzere womaliza wa lamulo lija ndi waufupi, koma ndi umene ukanapulumutsa sabata ija. Zizindikiro za `&&` zikutanthauza kuti chotsatiracho chichitike pokhapokha `rsync` itamaliza popanda vuto. Ikamaliza bwino imabweza nambala 0. Ikalephera imabweza nambala ina, monga 30 nthawi yodikira ikatha, kapena 23 mafayilo ena akakanika. Choncho tsiku ndi ola zimalembedwa m'kafayilo ka `ZINATHEKA-LITI.txt` pokhapokha zonse zitafikadi. Kafayiloka kali mu foda imene mlembi amatsegula tsiku ndi tsiku, ndipo pa ulendo wotsatira nakonso kamapita ku likulu. Sipafunika maphunziro a kompyuta kuti munthu awerenge tsiku n'kuona kuti ndi la sabata yatha.

Pali zinthu ziwiri za m'bokosi la kompyuta lenilenilo zimene mapulogalamu sangakonze. Choyamba, makompyuta ambiri a pa desiki sayaka okha magetsi akabwera. Amadikira chala cha munthu. Magetsi akabwera 8 koloko usiku, maola onse abwino a usiku amapita kompyuta ili chigonere. Izi zimasinthidwa mu BIOS, pa malo olembedwa `Restore on AC Power Loss`, `AC Recovery` kapena `After Power Loss` malinga ndi kampani imene inapanga kompyutayo, posankha `Power On`. Koma amene wasankha zimenezi aike kompyuta kumbuyo kwa chotetezera ku mphamvu yoposa muyezo, chifukwa magetsi akamabwera nthawi zina amayamba abwera n'kuzimanso kangapo. UPS yaing'ono ndi yabwino koposa. Ntchito yake si kugwiritsa ofesi tsiku lonse, koma kupereka mphindi zochepa zoti kompyuta izimitsidwe mwadongosolo, ndipo rauta nayo ilumikizidwe pomwepo.

Chachiwiri ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, ka mavoti 3, kamene kamayendetsa wotchi ya m'kati kompyuta ikazima. Pa kompyuta yakale imene imakhala maola ambiri yopanda magetsi, kabatireka kamatha msanga. Kakatha, wotchi imasokonekera, mafayilo amalembedwa masiku olakwika, ndipo zosankha za mu BIOS, kuphatikizapo `Power On` uja, zimatha kuiwalika. Lamulo la `timedatectl` limaonetsa ngati wotchi yakonzedwa kudzera pa netiweki: payenera kuoneka `System clock synchronized: yes`. Kusintha kabatireko ndi ntchito ya mphindi zisanu ndi sikuludiraiva.

Maofesi a Windows ali ndi matenda omwewa, maina okha ndiwo osiyana. Mu `Task Scheduler`, pa tsamba la `Settings`, pali bokosi lakuti `Run task as soon as possible after a scheduled start is missed`, ndipo silikhala lochongedwa pokhapokha munthu atalichonga. Likachongedwa, ntchito yophonyedwa imayamba patapita mphindi pafupifupi 10. Pa tsamba lomwelo pali `If the task fails, restart every`, yoti ntchito iyesenso. Chimene chimaiwalika kwambiri ndi `Run whether user is logged on or not`: popanda chimenechi, kompyuta yoyaka yokha usiku imangokhala pa sikirini yofunsa pasiwedi, osatumiza kanthu. Mapulogalamu ambiri ofananitsira mafayilo amene amakhala ndi kachizindikiro pakona ya sikirini amachitanso chimodzimodzi, amadikira munthu alowe kaye.

Zonsezi zikakonzedwa, ziyesedwe magetsi asanaziyese okha. Taima imayatsidwa ndi `systemctl enable --now tumiza.timer`, ndipo `systemctl list-timers` imaonetsa pamene inalira komaliza ndi pamene idzalirenso. Kenako wokonzayo aike fayilo yaikulu yoyesera mu foda, adikire kuti kutumiza kuyambe, azule chingwe cha rauta. Lamulo la `journalctl -u tumiza.service` liyenera kuonetsa ntchito italephera, kenako ikuyesanso mphindi zisanu zilizonse. Chingwe chikabwezeredwa, ulendo wotsatira uyenera kutha msanga kuposa woyamba, chifukwa ukupitiriza pa chidutswa chija. Mayeso achiwiri ndi kuzimitsa kompyuta ntchito ili pakati, mapulogalamu ena onse atatsekedwa, n'kuiyatsanso osakhudza china chilichonse, osalowa n'komwe ndi pasiwedi. Pakatha mphindi zisanu kutumiza kuyambe kokha, ndipo kukatha, ola la mu `ZINATHEKA-LITI.txt` lisinthe.

Mu ofesi ya kopaletivi ija, ntchito imene imatsalira anthu ndi yochepa. Mlembi akafika m'mawa amatsegula kafayilo kaja asanayambe kulowetsa malisiti. Akapeza ola la usiku wathawu kapena la m'mawa womwewo, amapitiriza ntchito yake. Akapeza la dzana, amayang'ana kaye ngati bandulo ya mu rauta yatha, ndipo ngati ilipo amaimbira wokonza kompyuta tsiku lomwelo, n'kumuwerengera pa foni tsiku ndi ola zimene zalembedwamo.